Kuyankha kalata ya chenjezo pa maphunziro anga

Bembeke, Dedza
12 Januwale 2026

Kwa a Rejisitala,
kudzera kwa a Dini wa Ophunzira

Okondedwa a Rejisitala,

Ndine Tadala Mbewe, wophunzira wa chaka chachiwiri wa za chuma cha ulimi. Kalata yanu ya pa 5 Januwale ndailandira ndili kuno kumudzi, ndipo ndaiwerenga kangapo, ulendo womaliza pamodzi ndi amalume anga.

Ndiyambe ndi mmene ndaimvera, kuti ngati ndaphonya pena mundikonze. Kalatayo ikuti GPA yanga ya semesita yathayi ndi 1.7, pamene malamulo akufuna 2.0 kapena kuposa apo. Mwa makosi 6 ndalephera awiri, Sitatisitikisi ndi Akaunting'i. Ndamva kuti simunandichotse sukulu, koma mwandipatsa semesita imodzi yoti ndikweze GPA, ndipo ndikalephera nkhani yanga ipita ku Seneti, komwe angagamule kuti ndibwereze chaka kapena ndichotsedwe. Malikisiwo sindikuwatsutsa. Ndi angadi.

Chinachitika n'chakuti pa 14 Okutobala amayi anga adagwa ali kudimba la mbatata ya kachewere, mkono ndi mwendo wakumanja osagwira. Adawagoneka m'chipatala cha boma ku Dedza. Abambo adatisiya kale, alongo anga awiri ndi aamuna komanso aang'ono, ndiye kuwodi ya amayi gadiyani ndinali ine. Ndidakhalako masabata atatu. Usiku ndimayala chitenje pansi pambali pa bedi, kukacha ndimakaphika phala kumalo kwa magadiyani n'kumawamwetsa ndi supuni, chifukwa kumeza kunkawavuta. Manotsi a Sitatisitikisi ndidanyamula, koma adabwerera m'chikwama mmene adapitira. Mayeso apakati pa semesita a makosi awiriwa adandidutsa, pamodzi ndi asayimenti imodzi, ndipo ndidalowa mayeso omaliza malikisi a m'kalasi ali ochepa kwambiri.

Kudwala kwa amayi sindidakusankhe, koma pali pomwe ndidalakwa ndekha, ndipo sindibisa. Ndidachoka pasukulu osatsanzika ku ofesi iliyonse. Ndidangouza mnzanga wogona naye chipinda chimodzi kuti ndikabwera Lamlungu. Nditabwerera, manyazi adandigwira, ndimati aphunzitsi aziona ngati ndikupeka nkhani, choncho ndidangokhala duu kumbuyo kwa kalasi. Ndikadabwera kwa a Dini nthawi yomweyo ndi buku la kuchipatala, bwenzi nditapempha mayeso apadera kapena kuimitsa kaye semesita. Njira zimenezi ndazidziwa mochedwa, chifukwa buku la malamulo a ophunzira sindidaliwerengepo.

Lero zinthu zasintha. Amayi ali pakhomo, akuyenda ndi ndodo. Abale adakhala pansi pa Khirisimasi ndipo agwirizana kuti azakhali anga a ku Lizulu asamukire kuno kudzawasamalira, amalume ndiwo aziwaperekeza kuchipatala tsiku la sikelo ya magazi ndi mafizo, ndipo dimba talibwereketsa chaka chino. Sipadzakhalanso chondichotsa m'kalasi pakati pa sabata.

Kumbali yanga, ndikulonjeza izi. Ndikafika ndikaonana ndi mlangizi wanga wa maphunziro sabata yoyamba, kenako kamodzi pamwezi, ndipo ndizimuonetsa malikisi a tesiti iliyonse ikangotuluka. Sitatisitikisi idayamba kundivuta amayi asanadwale n'komwe, makamaka mbali ya mwayi wa zinthu, kotero ndalowa gulu la anzanga anayi lomwe limakumana Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, ndipo matutoliyo sindidzajombanso. Kabizinesi kogulitsa mbatata kuhositelo, komwe kankandidyera Loweruka lonse paulendo wa ku Lizulu, ndakasiya. Vuto lina likadzagwa, ofesi ya a Dini idzamva tsiku lomwelo.

Ndili ndi mapempho awiri. Choyamba, mundiuze ngati makosi awiriwa ndingalembe sapulimentale kapena ndiyenera kuwaphunziranso kuyambira pachiyambi, popeza kalatayo sinanene, ndipo ndikufuna kudziwa ndisanalembetse makosi a semesita ikubwerayi kuti ndisasenze katundu wondiposa. Chachiwiri, ndimaphunzira ndi ngongole ya boma ya ophunzira. Ndikupempha mundifotokozere ngati chenjezoli likhudza ngongoleyo, kuti amalume ayambiretu kufunafuna fizi ngati n'koyenera kutero.

Ndaphatikiza fotokope ya masamba a buku la kuchipatala la amayi, osonyeza tsiku logonekedwa ndi lotuluka, kalata ya a gulupu athu, ndi fomu yovomereza chenjezo yomwe ndasaina monga mudalamulira. Mukafuna kundifunsa pamaso, ndifika pasukulu Lolemba pa 26 Januwale, ndipo ndingabwere tsikulo lisanakwane mukandiitana.

Ine wophunzira wanu,
Tadala Mbewe