Ndondomeko yako ya Lolemba ndi Lachinayi, mphwanga

Mphwanga, pepala lako lija la masewera onyamula zitsulo ndaliona. Benchi, kukankha chitsulo utagona chagada kuja, maseti 6, kenako kupinda mikono mpaka thukuta kamukamu, msana osaukhudza n'komwe. Ndiye ukudabwa kuti malaya akuthina pachifuwa pokha, mapewa ali lende? Ndakukonzera ndondomeko ina. Uitsatire masabata 8, Lolemba ndi Lachinayi. Miyendo ikhalebe pa tsiku lake.

Uziyamba 5 koloko m'mawa. Dzuwa la ku Nchalo mu Okutobala ukulidziwa, ikamakwana 9 koloko zitsulo za pansi pa malata aja zimaotcha m'manja. Tenga madzi malita 2. Mphindi 5 zoyambirira uzungulitse mikono, mapushapu pang'ono, ndi kukankha chitsulo chopanda kanthu.

Choyamba n'kukankhira chitsulo chachitali m'mwamba utaimirira, kuchokera pansi pa chibwano, osati kumbuyo kwa khosi. Maseti 4, ka 6 mpaka ka 8, kupuma mphindi 2. Chimene ukufuna chikule uzichigwira mphamvu zikadalipo, n'chifukwa chake benchi ndaichotsa pamalo oyamba. Umange mimba ndi matako. Ukaona msana ukupindikira kumbuyo, chitsulo chakulemera, chepetsa.

Kenako kudzikoka pa mtanda, maseti 3, ka 6 mpaka ka 10. Apa mapewa akupumako, msana ukugwira ntchito, mabaisepu, minofu ya kutsogolo kwa mkono, nawo akulawa kale.

Chachitatu ndiye mwini nkhani: kukweza madambelo m'mbali, maseti 4, ka 12 mpaka ka 15. Mnofu wa phewa uli ndi zigawo zitatu, cha kutsogolo, cha m'mbali ndi cha kumbuyo. Cha kutsogolo chimadya nawo nthawi zonse ukamakankha, pa benchi, pa mapushapu, m'mwamba, choncho zokweza dambelo kutsogolo zija uzisiye. Chimene chimatambasula mapewa munthu akamakuona uli potero ndi cha m'mbali, ndipo ichi sichifuna kulemera, chimafuna ulemu. Tenga a makilogalamu 5 aja. Ndikudziwa anyamata akuseka, aseke. Zigongono zipindike pang'ono, kweza mpaka mikono ifanane ndi mapewa, tsitsa pang'onopang'ono ukuwerenga mpaka 3. Ine ndinataya chaka chathunthu ndikuponya a makilogalamu 12 ndi chiuno, mapewa akukwerera ku makutu. Chimene chinakula ndi khosi. Ndipo madambelo athu a simenti a m'zitini aja uyambe wawayeza pa sikelo ya ogula thonje kapena nandolo, chifukwa ena amasiyana ndi theka la kilogalamu, ndipo pa masewera awa dzanja limamva.

Tsopano benchi. Usaope, sindinaitaye. Uikweze kumutu pang'ono ndi njerwa zokhazikika bwino, maseti 3, ka 8 mpaka ka 10. Unyamula zochepa kusiyana ndi kale poti mapewa atopa. Chifuwa chako sichiphwa, chili kale patsogolo.

Ukatero werama, ukokere dambelo m'chiuno dzanja limodzilimodzi, maseti 3, ka 10. Uli chiweramire choncho, tenganso a makilogalamu 5 aja uzitambasula mikono ngati mapiko, maseti 2, ka 15. Chimenecho ndi cha kumbuyo kwa phewa. Iwe wa kabaza, amene umakhalira kukumbatira mahandulo kuchoka ku Nchalo mpaka ku Ngabu, usachidumphe.

Mikono ibwere pamapeto. Ukayamba nayo, pa mtanda ulephera kudzikoka msana usanatope n'komwe, ndipo chitsulo cha m'mwamba chikukanika. Koma pamapeto sikuti mothamanga ayi. Yamba ndi matiraisepu, minofu ya kumbuyo kwa mkono, chifukwa ndi imene yatenga malo aakulu kuposa mabaisepu amene umawakondawo. Gwira dambelo limodzi ndi manja awiri pamwamba pa mutu, ulitsitsire kumbuyo, uwongole: maseti 3, ka 10 mpaka ka 12. Mkono ukakhala m'mwamba choncho, chigawo chachitali cha mnofuwu chimakokeka bwino. Ukamaliza seti, puma mphindi imodzi, upinde mikono ndi madambelo, zigongono zili phee m'nthiti, ka 10 mpaka ka 12, maseti 3 nawonso, mosinthana. Lolemba zikhatho ziyang'ane kumwamba. Lachinayi ziyang'anizane ngati wagwira hamala, kuti mnofu wa pansi pa baisepu ndi wa kumunsi kwa chigongono zilandire gawo lake.

Seti iliyonse uisiye ukumva kuti ukanatha kuwonjezera kamodzi kapena kawiri. Ukafika pa nambala yapamwamba m'maseti onse, wonjezera kulemera pang'ono sabata yotsatira, ndipo uzilemba m'kope. Phewa likabaya ngati singano, siya pomwepo undiuze, kumeneko si kutopa.

Za ndiwo usandinamize. Mazira, nyemba, nandolo, mlamba kapena makakana zizipezeka pa mbale tsiku lililonse. Nzimbe ndi thobwa zokha sizimanga phewa. Yeza mkono ndi tepi ya atelala lero, unditumizire nambala.