Ndipatseko masabata atatu

Mada,

Uthengawu ndaulemba katatu, kawiri konse ndafufuta. Chonde uwerenge mpaka kumapeto usanandiimbire. Ndimakudziwa iwe, ukangofika pamzere wachitatu chala chikhala chili kale pa nambala yanga.

Ndiyambe ndi chimene mtima wako ukufunsa panopa. Ayi, sindikukusiya. Chibwenzi chathu sichinathe, ndipo palibe munthu wina. Chimene ndikupempha ndi masabata atatu oti ndikhale pandekha, ndiganize.

Lachisanu lija utandifunsa ngati ndingasamuke mu Disembala kuti tidzakhale pafupi, ndinati "chabwino". Unasangalala mpaka kundinyamula. Ine nditafika kunyumba ndinakhala pabedi nsapato zili kuphazi mpaka 2 koloko usiku. "Chabwino" ameneyo sanachokere pansi pa mtima, Mada. Ndinangoyankha kuti ndisakukhumudwitse. Ndipo sikoyamba. Chimwalirireni bambo mu Malichi ndakhala ndikungovomera chilichonse, kwa amayi, kuntchito, kwa iwe, chifukwa mphamvu zokanira ndilibe. Kusamukako ndiye kuti ndisiye ntchito imene ndaikhetsera thukuta zaka 4, ndisiyenso amayi okhaokha m'nyumba imene jekete la bambo likadali kuseri kwa chitseko. Mwina ndikaganiza bwino ndidzanenabe kuti inde. Koma ndikufuna inde ameneyo adzakhale wanga, kuti tsiku lina zinthu zikadzavuta ndisadzakuloze chala n'kumati unandikoka ndiwe.

Ufunsa kuti bwanji osaganiza tili limodzi monga mwa masiku onse. Ndayesa. Ukakhala pafupi zonse zimaoneka zophweka. Ndisanamalize kunena chimene chikundiopsa, iwe yankho wapeza kale, ndipo kawirikawiri limakhala yankho labwino ndithu. Ndimangogwedeza mutu, mantha aja n'kubwerera nawo kunyumba osawatula. Sikuti ndikukuimba mlandu, ndi mmene umakondera iweyo, ukaona vuto umafuna kulikonza pompo. Inenso changa chilipo: ndimasunga zinthu kukhosi mpaka kudzaphulikira pa kanthu kachabechabe. Ukukumbukira mkangano wa chaja uja? Maola awiri athunthu! Nkhani sinali chaja ayi. Ndinakulankhula mawu amene sunayenere kuwamva, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Pepa. Sindikufuna kuti tifike pomachita zimenezi sabata ndi sabata.

Kuti usakhale mumdima, ndikuuze mmene ndikuganizira. Kuyambira mawa mpaka pa 21 Seputembala tisaonane, tisaimbirane, tisatumizirane mauthenga, ngakhale aja a "wadzuka bwanji". Ndi amenewo adzandisowe kwambiri, koma ndikudziwa kuti umodzi ukangodutsa tibwerera pomwe tinali. Pakagwa vuto lenileni, matenda kapena ngozi, imba nthawi ina iliyonse, ndiyankha. Zotsatira za kuchipatala za achemwali ako zikatuluka undiuze, zimenezo sizili m'gulu la zoletsedwa. Ukandiona pa intaneti usiku koma osakulembera, usayambe kuwerengera zambiri. Ndidzakhala ndikulimbana ndi tulo basi.

Pamasabata amenewa ndikadali wako, ndipo ndikuyembekezera kuti iwenso ukadali wanga. Uku sikumasulana. Kiyi wako ndikhala naye, sindikubweza, ndipo juzi yako yabuluu ija usaifunse n'komwe. Anzathu akafunsa, uwauze kuti tili bwino koma ndatanganidwa ndi za kunyumba, si bodza. Chokhacho ndikupempha, usatume Yankho kapena wina aliyense kuti adzandifufuze maganizo. Ndidzazindikira asanakhale n'komwe pansi.

Sindikufuna kungokhala n'kumayang'ana kudenga. Ndikufuna ndikhale pansi ndi amayi, ndiwafunse zimene iwo akufuna, chifukwa mpaka pano ndangokhala ndikuwaganizira osawafunsa. Ndikafunsanso abwana ngati pali njira yogwirira ntchito ndili kutali. Ndipo ndikufuna ndilire bambo mokwanira, chinthu chimene ndakhala ndikuchikankhira mawa kwa miyezi isanu.

Ndikudziwa kuti zikupweteka, ndipo ngati wakwiya uli ndi chifukwa. Zaka ziwiri ndi theka si masewera, ndiye kuuzidwa kuti dikira n'kowawa. Sindingakulonjeze yankho limene ndidzabwere nalo pa nkhani yosamukayi. Chimene ndikulonjeza n'chakuti pa 21 sindidzapemphanso masiku ena, sindidzakuzemba, ndipo ndidzakuuza zoona maso ndi maso. Iwenso ngati pali zimene wakhala ukumeza poopa kundiwonjezera chisoni, udzabwere nazo. Ndidzamvetsera.

Tidzakumane 4 koloko madzulo, pabenchi lathu lija. Ngati masabata atatu akukuchulukira kapena pali china chimene sukugwirizana nacho, ndilembere usiku uno tikambirane, foni ndili nayo pafupi. Ngati wavomera, ungoyankha kuti "ndamva".

Ndimakukonda, Mada.

Tadala