Kupereka chidule cha kafukufuku: mabungwe a maliro a Amalawi a ku Harare

Kwa: Wapampando wa komiti younika zidule za kafukufuku
Kuchokera kwa: Tiyanjane Phiri, Harare
Mutu: Chidule cha kafukufuku, gawo la kusamuka kwa anthu ndi chikhalidwe

Mayi Wapampando,

Landirani moni wochokera kuno ku Harare. Ndikhulupirira kuti inu pamodzi ndi a komiti yonse muli bwino.

Ndalemba imelo ino kuti ndipereke chidule cha kafukufuku wanga, ndi pempho loti mundipatse mpata wodzayankhula pa msonkhano wa akatswiri a mbiri ndi chikhalidwe umene mukukonza ku Zomba. Ndaona kuti ntchito yangayi ingakhale bwino m'gawo lokamba za kusamuka kwa anthu, koma ngati a komiti aona kuti ikuyenera kwina, ndilandira.

Ndine wophunzira wa digiri yachitatu ya mbiri yakale pa Yunivesite ya Zimbabwe. Ndinabadwira ku Mabvuku, m'banja la anthu amene kumudzi mumawatchula kuti matchona. Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nadzagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Highlands, mzinda uno ukadali Salisbury. Ndatchula zimenezi kuti a komiti adziwe kuti anthu amene ndawafufuzawa si alendo kwa ine. Maliro awo ndi amenenso ine ndimagonera.

Chidule chija ndi ichi.

BUNGWE LA MALIRO NGATI MUDZI: MMENE AMALAWI A KU HARARE AMAIKIRA AKUFA AWO

Kuyambira m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, amuna ambiri a ku Nyasalande ankabwera ku Southern Rhodesia kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu. Ena ankayenda pansi kudzera ku Tete, ena ankakwera malole a Ulere, ena ankalembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Ulendowu unapitirira m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo ambiri sanabwerere. Munthu wotere akamwalira, analibe mwini mbumba woti alamule za maliro, analibe nyakwawa yopereka malo kumanda, analibenso adzukulu. Pepala lino likufotokoza mmene mabungwe a maliro anatengera maudindo amenewa, ndi mmene akuwagwirira lero pakati pa zidzukulu zobadwira kuno.

Kafukufukuyu wachitika m'mabungwe anayi a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Epworth. Ndacheza ndi atsogoleri ndi mamembala, ndawerenga mabuku awo a zopereka, ndiponso ndakhala nawo pa misonkhano ndi pa maliro. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti bungwe la maliro si thumba la ndalama chabe ayi. Ndi mudzi umene anthu opanda mudzi anadzimangira m'tauni. Wapampando amaweruza ngati nyakwawa, mamembala amakhala adzukulu, ndipo buku la mlembi limasunga dzina la mudzi, mfumu ndi boma la munthu aliyense. Pepalali likuonetsa mmene mudzi umenewu unagwedezekera katatu: pamene ogwira ntchito m'mafamu anabalalika kuyambira 2000, pamene lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, ndi pamene kugwa kwa ndalama mu 2008 kunasesa zonse zimene mabungwe anasunga. Likuunikanso mkangano umene umabuka pa maliro a mwana wa banja la Mchewa ndi Mshona, pomwe akuchikazi ndi akuchimuna onse amati mtembo ndi wawo. Pomaliza likufunsa chifukwa chimene achinyamata amene ali ndi inshuwalansi ya maliro amapitirizabe kusonkha ku bungwe la agogo awo.

Mawu otsogolera: matchona, mabungwe a maliro, unzika, Harare, mbumba.

Chidule chathera pamenepo, ndipo sichinapyole malire a mawu amene munaika. Koma ndiloleni ndionjezepo pang'ono, chifukwa pali zina zimene sizikanakwana m'ndime ziwiri, pomwe ndi zimene zingathandize a komiti kuona kulemera kwa nkhaniyi.

Za kubwera kwa Amalawi kuno zinalembedwa kale, ndipo zinalembedwa bwino. Charles van Onselen anafotokoza za moyo wa m'migodi m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, ndipo Zoë Groves analondola mbiri ya matchona mpaka 1965 m'buku lake la 2020. Ine ndikuyambira pomwe anthuwa anazindikira kuti kumudzi sadzabwererako, ndipo umboni wanga waukulu ndi mabuku a mabungwe eni ake, amene sali ku nyumba yosungira zolembedwa zakale koma m'masutikesi, kunsi kwa mabedi a alembi.

Buku limodzi la ku Mufakose ndimafuna anthu a ku Zomba adzalione ndi maso. Ndi lachikuto cholimba chakuda, msana wake anausoka ndi ulusi wa matumba. Tsamba lililonse lili ndi mizere yojambula pamanja: dzina, mudzi, mfumu, boma, kenako zopereka za mwezi ndi mwezi. Masamba oyambirira ali m'mapaundi ndi masheleni. Mukamatsegula kupita kutsogolo mupeza madola a Rhodesia, kenako a Zimbabwe. Mukafika 2008, manambala akusefukira m'mizere mpaka mlembi anayamba kulemba chopingasa m'mphepete mwa tsamba. Kenako ndalama zikusowa, m'malo mwake mwalembedwa "ndowa ya chimanga", "matabwa awiri", "nkhuni". Chaka chimenecho thumba linatha, koma palibe membala amene anaikidwa wopanda bokosi, malinga ndi mmene alembi awiri anandifotokozera aliyense payekha. Wina anali kalipentala, anakhoma. Amayi anaphika zimene zinalipo. Munthu akamwalira safufutidwa m'bukumo. Amangoika kamtanda pambali pa dzina lake, ndipo mzere wotsatira amalemba mwana amene walowa m'malo, ndi mudzi womwewo wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, ngakhale mwanayo sanawolokepo mlatho wa pa Tete.

Apa ndi pamene nkhani ya unzika ikulowera. Kwa zaka zambiri anthuwa ankayenda ndi ziphaso zowatchula kuti ndi alendo, chonsecho anabadwira pano. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zambiri: ndime 43 inati wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'chigawo cha SADC, ndipo iye akukhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 6 inaikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Koma m'zaka zonse zimene boma la kuno linkawatcha alendo, ndipo kumudzi atawaiwala, malo amene dzina la munthu linalembedwa pamodzi ndi kwawo anali buku la bungwe. Ine ndikuona kuti akatswiri a mbiri sitinalipatse bukuli ulemu woyenera.

Gawo limene ndikuyembekezera mafunso ambiri ndi la mbumba. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi ndipo mawu omaliza ndi a malume. Kwa Ashona, makamaka ngati malowolo anaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna. Tsono mayi Mchewa akakwatiwa ndi Mshona, mwana wawo n'kumwalira, pa siwa pamakhala magulu awiri, lina likufuna kunyamula mtembo kupita kumudzi kwa bambo, lina likuti aikidwe ku Mabvuku pafupi ndi agogo ake. Malume weniweni nthawi zambiri kulibe, kapena ali ku Malawi ndipo akungomveka pa foni. Amene amaimirira m'malo mwake ndi wapampando wa bungwe. Ndinaona mkulu wina wa ku Epworth atavula chipewa, n'kukhala pansi pamaso pa akuchimuna, n'kuyamba kuomba m'manja mwa Chishona asanatsegule pakamwa. Anayankhula Chichewa, mnyamata akumasulira, ndipo anagwirizana kuti mtembo upite kwa bambo koma adzukulu a bungwe akatsitse bokosi m'manda. Ndikufunitsitsa kumva kwa anzanga a ku Malawi ngati zotere zikuchitikanso ku Ndirande kapena kwa Chinsapo, kumene mitundu yakwatirana chimodzimodzi.

Chidulechi ndinayamba kuchilemba m'Chichewa, osati m'Chingelezi. Ndisanachisalaze ndinakachiwerenga pa msonkhano wa bungwe la ku Mabvuku, chifukwa ndinalonjeza kuti sindidzatulutsa mawu onena za iwo amene iwo sanawamve. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo amayi anapempha kuti pepala lathunthu lidzanene momveka kuti makiyi a bokosi la ndalama amakhala ndi iwo, ndiponso kuti ndiwo amagona m'siwa usiku wonse pomwe abambo ali pamoto panja. Zimenezo zili ndi gawo lakelake m'pepalalo. Kenako aphunzitsi anga oyang'anira kafukufukuyu anachiwerenga ndi kundithandiza kuchifupikitsa. Cha Chingelezi chimene malamulo anu akufuna ndachitanthauzira kuchokera ku ichi, ndipo zonse ziwiri zili m'fayilo imene ndaphatikiza, Chidule_Phiri.pdf. Mbiri yanga yachidule ili pa tsamba lomaliza.

Ndili ndi mapempho angapo ngati chidulechi chingalandiridwe. Lalikulu ndi lakuti mundilole kudzayankhula m'Chichewa, mfundo zoonetsa pakhoma zili m'Chingelezi kuti alendo atsatire. Akuluakulu a mabungwewa apempha kuti ndidzawajambulire mawu a zimene ndidzanene, ndipo ambiri mwa iwo Chingelezi cha m'kalasi sachimva. Iwo amati maliro n'kulirana, ndipo akufuna amve kuti nkhani yawo yafika kumudzi m'chilankhulo chawo. Mafunso ndidzayankha m'chilankhulo chimene wofunsa wasankha.

Ndidzafunanso chokuzira mawu m'chipindamo, chifukwa ndili ndi kachigawo kafupi ka nyimbo ya pa siwa kamene eni ake analola kuti ndidzakaike kuti anthu amve. Zithunzi za masamba a mabuku ndabisa maina onse. Bungwe limodzi mwa anayiwa ndi la anthu a Gule Wamkulu, ndipo ndikudziwitseni pasadakhale kuti za kudambwe sindidzaonetsa kapena kufotokoza. Ndidzangokamba za zimene zimachitika poyera, pamaso pa aliyense wobwera pa maliro.

Chomaliza ndi kalata yondiitana. Ngati yankho lili labwino, chonde itumizidwe msanga, chifukwa ndiyenera kuipereka ku dipatimenti popempha thandizo la ulendo. Ndidzabwera pa basi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, choncho zingandithandize kudziwa tsiku limene gawo langa laikidwa kuti ndifike ku Zomba tsiku limodzi zisanayambe. Ndifunenso kudziwa ngati ophunzira ochokera kunja kwa Malawi akulipira ndalama yolembetsera yofanana ndi ya ophunzira a komweko.

Pepalali silinasindikizidwe kwina kulikonse ndipo sindinalitumize ku msonkhano wina. Chilolezo chochitira kafukufukuyu ndinalandira ku yunivesite, ndipo aliyense amene ndinacheza naye anavomera atamva cholinga chake. Ngati a komiti afuna kuti ndikonze kapena kufupikitsa china chake, andiyankhe pa adiresi yomwe ino ndipo ndichita mwamsanga.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu, Mayi Wapampando.

Ine wanu mwaulemu,

Tiyanjane Phiri
Wophunzira wa digiri yachitatu ya mbiri yakale
Yunivesite ya Zimbabwe, Mount Pleasant, Harare