Pulani ya phunziro: chifukwa chake nthawi imasiyana m'mayiko

Giredi 6, Mufakose ku Harare, ana 41, Lachitatu, mphindi 35.

Cholinga: pomatuluka mwana athe kunena yekha kuti dziko ndiye limazungulira, dzuwa ayi, ndiye enafe timaona kuwala msanga ena akadali mtulo.

Zofunika: gulobu ya ku ofesi (itengedwe Lachiwiri, kiyi amasowa), tochi yamphamvu osati ya pafoni, mabatire ena apadera, selotepu, timitengo ta machesi 4, mabulangete awiri otchingira mawindo, apo ayi tochi siioneka n'komwe.

Poyambira, mphindi 5. Ndifunsa kuti ndani ali ndi m'bale kunja. Manja achuluka apa. Amene amalume ake ali ku Perth ku Australia anene, akamaimba foni m'mawa iwowo amakhala akutani? Nanga agogo a ku Lilongwe? Ndisawayankhe kaye, azikanganabe.

Phunziro lenileni, mphindi 20. Timata timitengo pa Harare, Nairobi, London ndi Perth. Mwana mmodzi agwire tochi ataima chilili ngati msilikali, ameneyo ndiye dzuwa, ndipo asasunthe olo pang'ono chifukwa chaka chatha wogwira tochi anayamba kuzungulira gulobu yekha ana onse n'kupita kunyumba akukhulupirira kuti dzuwa limayenda, ndinachita kubwereza phunziro lonse. Wina azizunguza gulobu pang'onopang'ono kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kutanthauza kuti kuchoka kumanzere kupita kumanja ukaiyang'ana kumpoto kuli m'mwamba. Ena onse maso pa timitengo. Koyamba kulowa m'kuwala ndi ka Perth, kenako Nairobi, Harare pafupi pomwepo, London pomaliza. Ka Harare kakangogunda kuwala onse akuwe kuti kwacha! Tiimitse pomwepo tione, Perth ali kale pakati pa kuwala, London akadali mumdima.

Kenako masamu pabolodi. Kuzungulira kamodzi ndi madigiri 360 m'maola 24, ndiye 360 ÷ 24 = 15, ola lililonse madigiri 15. Harare ili pafupi madigiri 31 kum'mawa kwa Greenwich ku London, pomwe madigiriwa amayambira kuwerengedwa, nde tili patsogolo ndi maola 2. Kuno ikamati 7 koloko m'mawa ku Nairobi ndi 8, ku Perth 1 koloko masana amalume aja akudya nkhomaliro, ku London 5 koloko m'bandakucha. Zoti Aingelezi amakankhira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi kumapeto kwa Malichi mpaka Okutobala ndingozitchula wina akafunsa, zimasokoneza.

Za agogo a ku Lilongwe ana apeze okha. Aike chala pa Harare china pa Lilongwe, aona kuti mizindayi yayandikana, wotchi ndi imodzimodzi.

Ntchito ya m'kope, mphindi 10. Ajambule gulobu ndi tochi, mbali ya usiku aidetse ndi pensulo. Funso: mpira ukuyamba 3 koloko masana ku Nairobi, kuno tiyatse wailesi nthawi yanji? Olemba 4 koloko ndibwerere nawo pa gulobu azunguze okha.