Agogo sanatero

Tiyamike sanali wa mlandu umenewo ayi, iye tsiku limenelo amamasulira ku khoti ya mbali inayo koma kumeneko milandu inaima poti galimoto yotenga a pa rimandi ku Chichiri inachedwa, ndiye anangomutuma kukasiya fayilo. Anapeza mboni yayamba kale kuyankhula, kutuluka sikukanaoneka bwino, anangokhala pa benchi ya kumbuyo fayilo pamwendo.

Omasulira anali a Mbewe. Zaka 23 pantchito, ndi omwewo anamuphunzitsa Tiya kulumbiritsa mboni atangolembedwa kumene.

Mu bokosi munali agogo ena ake ogulitsa zitumbuwa ku Ndirande, mpango wa Mvano kumutu, mawu otsika ngati akuyankhula ndi apongozi. Mnyamata wozengedwayo anali wa kabaza, mlandu wothyola okala usiku. Loya analibe.

"Ine bwana ndinamva kukuwa kuti wakuba wakuba, nditasuzumira pa windo ndinamuona mwanayu akuthamangira komweko, chikwanje kumanja."

A Mbewe anatembenuza mchizungu chawo chosalala chija, kuti mboni inaona mnyamatayu akuthawa kuchokera pa okala atanyamula chikwanje.

Tiya anadzutsa mutu. Mwina sindinamve bwino, pa malata mvula inali itayamba. Komatu aliyense wokulira ku Ndirande amadziwa, kukamveka mkuwo usiku amuna onse amatuluka ndi chomwe agwira, wina mpini wina chikwanje, ukatsalira mnyumba mawa lake anthu amakufunsa kuti iwe unali kuti.

Wapolisi woimira boma anafunsa ngati agogo akudziwa amene anathyola.

"Aaa ine ndinangomva kwa anthu mmawa pa mpopi kuti akuti ndi iyeyu."

A Mbewe: mboni ikuti ndi iyeyu.

Apa ndiye mtima unagunda. Majisitireti Chichewa amachidziwa bwinobwino, koma mutu unali pansi akulemba ndi bolopeni mawu aliwonse, ndipo zolowa mu rekodi ndi za chizungu basi, ndiye khutu lawo limangodikira a Mbewe. Mnyamata uja amangogwedeza mutu kuvomereza zonse, iye amamva agogo akumuikira kumbuyo, osadziwa kuti papepala pakulowa zina.

Ndipamene anaona. A Mbewe samayang'ana agogo, maso anali pa tebulo pomwe panali sitetimenti ya ku polisi, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Agogo akatseka pakamwa iwo amanena zomwe zili papepalapo.

Kuimirira? Mlandu si wako, ndiwe mwana pantchito, munthu wake ndi amene amakuitana kuti mwana wanga. Nanga ukawachititsa manyazi pagulu mawa mukadyera limodzi bwanji chiwaya cha kuseri kuja. Anang'amba kapepala kumapeto kwa fayilo, analemba kuti "Bambo, akuti akuthamangira KOMWEKO, osati kuthawa" nkupatsa mesenjala. A Mbewe anawerenga, anapinda kanayi, mthumba la shati. Sanacheuke nkomwe.

Wapolisi anati alibe mafunso ena. Majisitireti anafunsa mnyamata ngati ali ndi funso kwa mboni, iye nkumwetulira, "ayi bwana, agogo anena zoona zokhazokha."

Tiya anangozindikira waimirira, miyendo ikunjenjemera.

"Pepani bwana, ndine womasulira wa pano. Ndimapempha kuti zomwe zalembedwazo awawerengere agogowa mChichewa."

Mu khoti munangoti zii. Majisitireti anavula magalasi, anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anayang'ana a Mbewe, basi anayamba kuwerenga okha akutembenuza okha. Atafika pothawa paja agogo anawomba mmanja.

"Iii ayi bwana, ine zimenezo sindinanene! Nkwapolisi komwe ndinawauza kuti mwalemba mopotoka, anati dindani chala agogo tili ndi zambiri. Mwanayu amapita kokathandiza."

Anafufuta masamba awiri, umboni unayambiranso, ulendo uno akumasulira Tiya. Mlandu anauimitsa mpaka Lachinayi sabata yamawa, nkhani ya belo anati aiona tsiku lomwelo, mnyamata anabwerera ku Chichiri ndithu.

Pa khonde a Mbewe anamudikira. Tiya anayamba kupepesa koma anamudula.

"Yankhula mbali iyi, khutu ilo linasiya kalekale."

"Bambo, bwanji osanena?"

"Ndinene kuti andipumitse? Kwatsala zaka ziwiri, mtsikana wanga ali ku koleji." Anatulutsa kapepala kaja nkumubwezera. "Ukanabwera kudzandinong'oneza."

"Mukanamva?"

Anamuyang'ana, kenako anaseka pang'ono koma kuseka kosafika mmaso. "Bwana akutifuna tonse mu ofesi 2 koloko. Ukanene zomwe wamva, za khutu ndikanena ndekha. Koma akafunsa za milandu ina ya mmbuyomu, iwe sunaliko."