Yankho langa pa ntchito ya ukalaliki wa ku filudi ija

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko ku Thyolo? Kuno ku Mulanje tili bwino ndithu, kungoti kutentha kwa Novembala uno kwanyanya, tonse maso ali kuphiri kudikira mvula. Ndinayesa kukuimbirani masana koma anandiuza kuti muli mu miting'i, ndiye ndati ndilembe kaye kuti nkhaniyi isagone, mawa ndidzaimbanso kuti mumve ndi mawu anga omwe.

Kalata yanu yondipatsa ntchito ya ukalaliki wa ku filudi pa esiteti yanu ndinailandira Lolemba, ndipo ndathokoza kwambiri, kwambiri zedi. Anthu tinabwera ku intavyu tinalipo ambiri, ena a mapepala akuluakulu kuposa ine, ndiye kuti musankhe ine sindikuchitenga mopepuka ayi. Koma Amayi, nditaganiza mofatsa, nditakambirananso ndi akunyumba, ndaona kuti ntchitoyi sinditha kuiyamba pa 1 Disembala monga mwalembera, ndipo ulendo uno ndikupempha kuti mundikhululukire, malowa mupatse munthu wina.

Ndinene kaye poyera kuti nkhani si ya salale. Ndalama mwaikayo ikuposa imene ndikulandira kuno, nyumba munandionetsa ija ili bwinobwino, madzi ali pafupi, magetsi alimo, sukulu ya mwana ili poyenda pansi. Ndiye musaganize kuti ndikufuna tinenerere kuti mukweze kenakake, olo mutawonjezera yankho langa likhala lomweli mpaka sizoni ino ithe. Komanso palibe kampani ina yandiitana, ndikanakhala ndi ofa ina ndikanakuuzani chilungamo.

Chandigwira ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi amene ndikugwira nawo ntchito kuno. Mukukumbuka zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, madzi ndi miyala zinatsika kuphiri, mbali ya ku Muloza mpaka ku Phalombe anthu anataya abale, nyumba, minda. M'gulu lathu muli mabanja amene minda yawo ya tiyi inakokoloka, pena panangotsala mchenga ndi miyala, ndipo tiyi si chimanga choti udzala lero nkukolola miyezi inayi. Umadula timitengo, nkutitsika m'machubu, nkufunditsa pulasitiki pansi pa mthunzi, nkumathirira mosadumphitsa, kenako nkumatsegula pang'onopang'ono kuti mbande izolowere dzuwa, zonsezi zimadya chaka ndi miyezi, ndiye ukadzala kumunda mlimi adikirenso zaka zitatu kapena kuposa kuti ayambe kutchola zooneka. Nazale imeneyi tinaiyamba limodzi ndi amayi a m'midzi muno, dothi la m'machubu anasenza pamutu okha, madzi amatunga ndi makheni kumtsinje m'mamawa asanapite kukatchola, ndipo mbande za tiyi wa mtundu wa PC 108 zimene tinatsikazo panopa zakhwima, zikungodikira mvula ikhazikike kuti zituluke. Mwezi umene mukundifuna kumenekowo ndi womwewo woti tizigawa.

Ndiye buku la nazale lili m'manja mwanga. Ndani anagwira masiku angati, ndani munda wake unawonongeka motani, ndani alandire mbande zingati, zonsezi ndinalemba ndine, zina zili m'kope zina mu Excel pa kompyuta ya ofesi, ndipo pa msonkhano, pamaso pa a mfumu ndi a komiti, ndinanena ndi pakamwa panga kuti ndikhalapo mpaka mbande yomaliza italowa m'nthaka. Inu mukudziwa mmene kugawa zinthu kumavutira kumudzi, pakangosowa munthu wodziwa mndandanda basi mawu amayamba, uyu akuti andibera, uyo akuti akondera abale awo, mapeto ake amene anavutika kwambiri, makamaka agogo ndi amayi amasiye oti satha kukangana pagulu, ndi amene amabwerera chimanjamanja. Pali agogo ena amene amabwera ku nazale tsiku ndi tsiku ndi kandodo kawo, mphamvu zosenza madzi alibe koma amakhala pansi nkumazula udzu m'machubu ndi zala, chubu chimodzichimodzi, ndipo akandiona amangofunsa kuti mwana wanga, zanga zija zilipo eti. Kuti ndiwauze kuti ndikupita ku Thyolo, azikafunsa wina, mtima wanga wakana.

Chinanso ndi sikelo. Mvula ikangogwa masamba amaphuka mopanda chisoni, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo ndiye nthawi imene mlimi amapeza ndalama ya chaka chonse, fizi ya ana, feteleza, chimanga cha m'nyumba. Pa shedi pathu ndimayeza ndine, kuona ngati atchola bwino masamba awiri ndi kansonga, kubweza okhwima, kulemba makilo, nkuonetsetsa kuti thirakitala yanyamula tsiku lomwelo masamba asanapse m'matumba poti akafika ku fakitale atafiira amakanidwa ndipo woluza ndi mlimi. Mtsikana amene ndikumuphunzitsa wayamba kumene, ndi wochangamuka koma sanaonepo mzere wa Januwale, anthu atanyowa, aliyense akufuna ayezedwe msanga, sikelo ikuvuta, dalaivala akuliza hutala. Akufunika adutse sizoni imodzi ndili pambali pake. Komanso olo ndikanati ndichoke, munthu wolandira pamwezi amayenera kupereka notisi ya mwezi wathunthu, ndiye 1 Disembala sindikanakwanitsabe popanda kuthawa, ndipo sindikufuna kudzalowa pakhomo panu ndi mbiri yoti anathawa ntchito pakati pa sizoni.

Ndinaganizirapo zoti mwina ndizigwira kwanu mkati mwa sabata nkumabwera kuno Loweruka, poti pa minibasi kudzera pa Luchenza si patali kwenikweni. Bambo a kunyumba anangondiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo akunena zoona. Kwanuko sizoni ndi yomweyi, Loweruka anthu amatchola, kalaliki wa ku filudi amafunika m'bandakucha makapitawo akamagawa mizere, madzulo atseke mabuku a makilo kuti malipiro a anthu asasokonekere. Ndikanangokupatsani theka la munthu, uku mtima uli ku nazale, ndipo inu mukufunika munthu wathunthu.

Nchifukwa chake ndafulumira kuyankha, ngakhale munandipatsa mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Ndikudziwa kuti muli ndi amene anabwera pambuyo panga pa intavyu, muwaimbire msanga asanatengedwe kwina, kuti apeze nthawi yosamuka ndi kuphunzira madivishoni anu mvula isanalimbe. Kontilakiti sindinasaine, makope onse awiri ali momwe munandipatsira mu envulopu yake, ndiwatumiza kapena ndibwera nawo ndekha, mundiuze chimene chili chabwino kwa inu. Ngati ku ofesi ya olemba anthu ntchito akufuna kalata yapadera yosainidwa yoti aike mu failo, ndilemba mawa lomwe.

Koma Amayi, chitseko chokha musanditsekere chonde. Kugwira ntchito pansi pa inu ndimakufuna kuyambira nthawi ya atachimenti ija, pamene munkatitenga m'mawa kuzungulira minda nkumatiuza kuti tigwire tsamba ndi dzanja tisanalembe chilichonse mu lipoti. Mpaka lero ndikaima pa sikelo ndimayamba ndapisa dzanja m'thumba kumva ngati masamba atentha, ndinaphunzira kwa inu zimenezo. Ndipo pali zambiri kwanuko zimene kuno sindingazione, mbali ya fakitale, mmene tiyi amafotera, kupukusidwa, kuumitsidwa mpaka kukafika ku okushoni ku Limbe, komanso makademiya amene ku Thyolo mwadzala ambiri, ine sindinagwirepo ndipo ndimafunitsitsa nditaphunzira. Ndiye ndikakana lero sikuti ndanyoza malowo ayi.

Mmene ndikuonera, kudzala kutha cha kumapeto kwa Januwale mvula ikayenda bwino, kenako kupakiza mmene mbande zafa, ndipo pofika Meyi masamba akayamba kuchepa, chiperoni chikamayamba, ndidzakhala nditapereka mabuku onse kwa mtsikana ndikumuphunzitsa uja ndi a komiti. Kuyambira pamenepo ndine womasuka. Ngati padzapezeke malo, kaya omwewa, kaya ku nazale yanu, kaya mbali yoona alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa masamba ku fakitale yanu, imene kunena zoona ndi imene ndimaidziwa bwino kuposa zonse, mudzandikumbukire. Sindikupempha kuti mundisungire mpando, zimenezo sizingakhale chilungamo kwa amene abwereyo. Ndidzalembanso kalata ngati wina aliyense, intavyu ndidzabwera, olo kuyambira pansi ndidzayamba. Ndingopempha kuti mapepala anga asachotsedwe mu failo, ndipo mundilole ndidzakulembereni mu Meyi kukuuzani mmene zathera kuno ndi kufunsa ngati kuli kanthu.

Pakadali pano ngati pali chimene ndingathandize ndili konkuno, ndiuzeni. Pa intavyu abwana a za ndalama aja anachita chidwi ndi fomu imene ndimalembera makilo a mlimi aliyense, ija imaonetsa yokha ngati makilo a pa shedi akusiyana ndi a ku fakitale. Ndi ine ndinaikonza, ndipo a komiti ndawafunsa, avomera kuti ndikhoza kukutumizirani yopanda maina a alimi athu, amene mumulembeyo akaone ngati ingamuthandize. Akafuna kuti ndimulongosolere pa foni, madzulo ndimapezeka, netiweki kwathu imagwira bwino ndikakwera kamtunda ka kuseri kwa tchalitchi.

Mundithokozereko kwa abwana onse anali pa intavyu aja, ndi achimwene a pa geti amene anandisungira chikwama tsiku lija. Mukadzadutsa mbali ino popita ku Mimosa, mudzaime pa Chitakale mundiimbire, ndidzabwera pa kabaza kudzakutengani mudzaone nazale yathu mbande zisanathe, amayi a kuno adzasangalala kumva malangizo anu pa kadzalidwe ka m'malo otsetsereka, poti minda yambiri ili m'mphepete mwa phiri ndipo tikuopa kuti madzi angadzatikokololerenso.

Mawa ndiimba cha m'ma 10 koloko, ngati nthawiyo siili bwino mungondiyankha pano ndisinthe.

Zikomo kwambiri Amayi, Mulungu akudalitseni.

Ndine mwana wanu wa atachimenti uja, wa ku Mulanje.