Uthenga wa pa Wailesi: Jimu Yatsitsa Mtengo Chaka Chatsopano

MAYI: Achimwene, lambayo mwaboolanso?

BAMBO: Musanene, achemwali. Tsiku lonse pampando, maso pakompyuta, nkhomaliro tchipisi. Msanawu ukuchita kuwotcha. Nanga nthawi ya jimu ndiitenga kuti?

MAYI: Si mumaweruka 5 koloko n'kukaima pamdipiti wa magalimoto mumsewu wa Chipembere? Ola limenelolo!

WOLENGEZA: Apantchito nonse, jimu yathu ya ku Ginnery Corner imatsegula 5 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku. Lembetsani Januwale asanathe: miyezi itatu mulipira iwiri yokha, K80,000 basi. Mphunzitsi akukonzerani masewera a mphindi 40, ngakhale pa nthawi ya nkhomaliro. Madzi osamba otentha alipo, mubwerera kuofesi muli mbee. Lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba. Bwerani ndi mnzanu wa kuofesi, sabata yoyamba iye salipira.